Thandizeni mawu ofotokozera malamulo a ndime ya liwiro pa kwizi yathu ya Loweruka

NaPhiri_Mufakose:
Moni nonse pa gulu pano. Bungwe lathu la maliro kuno ku Mufakose, mu Harare ku Zimbabwe, likuchititsa mpikisano wa mafunso Loweruka likubwerali madzulo, kuti tiwonjezere kangachepe m'thumba la bungwe. Matimu alipo 6, iliyonse ya anthu anayi. Ndime zinayi zoyambirira n'zolemba papepala ndipo sizikundivuta. Imene yandiimitsa mutu ndi yomaliza, ya mafunso osakaniza ofunsa mothamanga. Komiti yati maikolofoni ndigwire ineyo, ndiye ndiyenera kufotokoza malamulo tisanayambe. Ndalemba chonchi:

"Amayi ndi abambo, a tcheyamani ndi komiti yonse, alendo athu olemekezeka, zikomo chifukwa chobwera. Tsopano tafika pa ndime yosangalatsa imene nonse mwakhala mukuyembekezera. Ndifunsa mafunso osiyanasiyana mwachangu, inunso muyankhe mwachangu. Amene akhoze ambiri ndiye wapambana. Chonde tisakangane, tonse ndife abale."

Kodi zakwana, kapena ndiwonjezerepo chiyani? Sindikufuna kutalikitsa chifukwa nthawi imeneyo anthu amakhala akuganiza kale za makombi obwerera kunyumba.

Jaji_Wopanda_Khoti:
Mayi, "tisakangane" si lamulo. Akangana basi.

Mphunzitsi_Wopuma_Highfield:
A NaPhiri, mawu anuwa ndi aulemu, koma mulibemo lamulo ngakhale limodzi. Tangoyerekezani kuti ndine kaputeni wa timu, ndakhala pampando ndikukumverani. Mukamaliza sindikudziwabe ngati matimu onse ayankha pamodzi kapena iliyonse payokha, nthawi ndi yotalika bwanji, woyankha ndani mwa anayife, komanso chindichitikire n'chiyani ndikalakwa. Zonsezi anthu adzazifunsa mpikisano uli mkati, wotchi ikuyenda, ndipo chilichonse chimene mudzayankhe pamenepo adzati mwakondera.

Ine ndinkayendetsa mipikisano yotereyi kusukulu. Kalembedwe kanga kanali koyambira kumapeto. Ndinkakhala pansi n'kulemba mikangano imene ingabuke, kenaka pa mkangano uliwonse n'kulemba chiganizo chimodzi choutseka pakamwa usanayambe. Chiganizo chimene sichikutseka mkangano uliwonse ndinkachifufuta. A tcheyamani ndi alendo mudzakhala mutawalonjera kale potsegulira mwambo, musawalonjerenso kachiwiri. Tiuzeni kaye mmene komiti yagwirizanira kuti ndimeyi iyende, kenaka tiumbe mawu.

NaPhiri_Mufakose:
Zikomo aphunzitsi. Tinagwirizana kuti timu iliyonse izibwera kutsogolo payokha, ipatsidwe mineti imodzi, ndipo funso lililonse likhale pointi imodzi. Zinazo sitinakambe.

Baba_Tino_Dzivarasekwa:
Ine ndimati mugule mabelu ang'onoang'ono, timu iliyonse lake. Mukafunsa, amene ayambe kuliza ndiye ayankhe. Kutchalitchi kwathu tinatero ndipo zinakoma, ana mpaka kukwera pamipando. Mukasowa mabelu, botolo la kokakola ndi supuni zimagwiranso ntchito.

Chisomo_wa_Epworth:
Bambo a Tino, mayi anena kale kuti timu iliyonse payokha. Mabelu alowa pati?

Baba_Tino_Dzivarasekwa:
Ndiye palibe liwiro pamenepo. Liwiro ndi kulimbirana.

Mphunzitsi_Wopuma_Highfield:
Njira ziwirizi zonse zilipo, bambo a Tino, koma ya mabelu imafuna makina oonetsa amene wayamba kudina. Ndi mabelu a m'manja 6 mu holo ya phokoso, khutu la munthu silingasiyanitse, ndipo funso lililonse limabala mlandu. Pa njira imene asankha a NaPhiri timu ikulimbana ndi wotchi, ndiye woweruza ali ndi chinthu chimodzi chokha choyang'ana. Akhale pomwepo.

Tsono a NaPhiri, tiyambe ndi wotchiyo. Pali nthawi ziwiri zimene muyenera kuzitchula m'mawu anu, poyambira ndi pothera. Poyambira, nenani kuti wotchi iyamba inu mukangomaliza kuwerenga funso loyamba. Mukapanda kutero, wosunga nthawi wina amadina mukangoti "konzekani", inu mukadali kutsegula pepala, ndipo timu yataya masekondi asanu osalakwa kanthu. Pothera ndiye povuta kwambiri. Wezulo amalira kawirikawiri muli pakati pa funso. Musankhe chimodzi ndipo muchinene poyera: kaya funsolo lafa, kaya mulimaliza n'kulola timu iyankhe pompo. Ine ndimakonda kulimaliza, chifukwa kuchedwa kuwerenga ndi kwanu, si kwawo.

Wotchi musagwire nokha. Maso anu akhale papepala. Pezani wina wogwira foni ndi wezulo, ndi winanso wolemba mapointi. Wolembayo aziika chizindikiro pa funso lililonse, lakhozedwa, lalakwika kapena ladumphidwa, osangosunga chiwerengero m'mutu.

Kamuzu_Stadium_Boy:
Aphunzitsi mwaiwala chachikulu. Muyenera kuchotsa pointi munthu akalakwa. Apo ayi anthu azingolota mayankho, ndipo wopambana adzakhala wolongolola osati wodziwa. Ndinaonapo timu ya anyamata ikungobwebweta chilichonse n'kuposa timu ya azibambo odziwa zinthu. Zinandiwawa.

Mphunzitsi_Wopuma_Highfield:
Achimwene, nkhawa yanu ndi yoona, koma mankhwala ake si amenewo nthawi zonse. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Tinene kuti timu ya anyamata yathamanga n'kufika mafunso 10, yakhoza 6, yalakwa 4. Timu ya azibambo yafatsa n'kufika mafunso 7, yakhoza 5, yadumpha awiri. Popanda chilango anyamata ali ndi 6, azibambo 5. Mukamachotsa pointi pa kulakwa kulikonse, anyamata atsala ndi 2, azibambo ali ndi 5 yawo. Ndiye timu imene yadziwa mayankho ambiri yagonja ndi mapointi atatu, pa ndime imene mwaitcha ya liwiro. Matimu otsatira akaona zimenezi amachita mantha, amayamba kudumpha funso lililonse limene akukayika pang'ono, ndipo holo yonse imazizira.

Funso lofunika ndi lakuti, kodi kulota kumalipira? Zimatengera mtundu wa mafunso. Mukafunsa kuti "Damu la Kariba lili pa mtsinje uti?", wosadziwa akalota mpata wokhoza ndi wochepa, ndipo wataya kale masekondi ake. Wotchi yamulanga yokha. Koma mukafunsa mafunso a "zoona kapena zabodza", munthu wotseka maso n'kumangoti "zoona" akhoza pafupifupi theka, mapointi 5 aulere pa mafunso 10. Pamenepo ndiye chilango chimafunika. Ndikukhulupirira kuti kwizi munaonayo inali ya mafunso otere. Ine ndingati a NaPhiri achotse mafunso onse a "zoona kapena zabodza" ndi a "sankhani pakati pa ziwiri" m'ndime imeneyi, kenaka anene momveka kuti kulakwa sikuchotsetsa kanthu. Wolemba mapointi nayenso apuma, chifukwa kuwonkhetsa ndi kuchotsera nthawi imodzi mafunso akuthamanga n'kumene kumabweretsa zolakwika.

Kamuzu_Stadium_Boy:
Inalidi ya zoona kapena zabodza. Komabe ngati kulakwa kulibe chilango, kudumpha kuli ndi ntchito yanji? Aliyense angotchula dzina lililonse.

Chisomo_wa_Epworth:
Ntchito yake ndi nthawi. Anthu anayi akayamba kuyang'anana kufunafuna choti alote, masekondi 10 apita, mafunso awiri amenewo. Wodumpha wataya sekondi imodzi yokha. Komanso pamaso pa apongozi ako sungafune kunena kuti likulu la Zambia ndi Ndola.

Kamuzu_Stadium_Boy:
Ine ndikadali pa mfundo yanga, theka la pointi bwenzi likuchotsedwa. Koma kwizi ndi yanu.

NaPhiri_Mufakose:
Theka la pointi ayi achimwene, wolemba mapointi wathu ndi msungichuma, atithawa. Aphunzitsi, funso lodumphidwa libwerenso nthawi ikatsala? Nanga lipite kwa timu ina?

Mphunzitsi_Wopuma_Highfield:
Lisabwerenso ndipo lisapite kwina. Likamabwerera, mmodzi mwa anayiwo amasiya kumvera n'kumaganizira funso lakale, inunso muyenera kukumbukira amene adumphidwa uku mukuwerenga. Kulipereka kwa timu ina kumaimitsa wotchi, liwiro lonse n'kutha. Mawu odumphira akhale amodzi ndipo muwatchule m'malamulo, monga "patsogolo", kuti "aaa kaya" asakusiyeni mukudikira osadziwa ngati adumpha kapena akuganizabe.

Kuti mafunso asakuthereni, konzani 15 pa timu iliyonse. Funso lalifupi limatenga masekondi atatu kapena anayi kuwerenga, yankho awiri kapena atatu, ndiye pa mineti timu yabwino imafika pa 9 kapena 10. Yodumpha kwambiri ikhoza kufika 13. Matimu 6 ndiye kuti mafunso 90, n'kuwonjezerapo ena 10 apadera osinthira amene awonongeka. Ndi ntchito ndithu, yambani lero.

Ndipo pamene wotchi ikuyenda, pakamwa panu pazituluka "eya" kapena "ayi" basi, kenaka funso lotsatira. Mukayamba kunena kuti "ayi, yankho lake ndi lakuti", mukudya nthawi ya eni ake. Mayankho a mafunso olakwika ndi odumphidwa muwawerenge wezulo atalira. Anthu amasangalala nawo kwambiri nthawi imeneyo, ndi pamene kaputeni amagwira mutu.

AuntieRose_Mabvuku:
Ine ndili ndi dandaulo lina. Chaka chatha mwana wanga analowa nawo kwizi ina ya Amalawi kuno. Anafunsidwa nyama yaikulu kwambiri ya pamtunda, iye anati "nzou". Wofunsa anakana, akuti yankho ndi njovu. Mwana wobadwira ku Mabvuku, sukulu yonse waphunzira Chishona ndi Chingerezi, Chichewa amangomva kwa agogo ake. Anabwera kunyumba akulira ndipo mpaka lero safuna kumva za zochitika za Amalawi. Chonde mayi NaPhiri, nenani poyera kuti yankho likhoza kubwera m'chilankhulo chilichonse mwa zitatuzi.

Gogo_Chewa_Original:
Ndiye ana adzaphunzira liti chilankhulo chawo? Ife makolo athu anabwera kuno nthawi ya chitaganya, kumigodi ndi kumafamu, koma Chinyanja sanachitaye. Malamulo a dziko lino a 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ife eni ake n'kumachita nacho manyazi.

AuntieRose_Mabvuku:
Agogo, palibe akuchita manyazi. Funso linali la nyama, silinali la chilankhulo. Mwana anaidziwa nyamayo.

Chisomo_wa_Epworth:
Agogo, nanga zaka? Wina akafunsidwa chaka cha ufulu wa Malawi, anene 1964 m'Chichewa chenicheni? Mineti yonse ithera pomwepo.

Gogo_Chewa_Original:
Iwe Chisomo usandiseke. Manambala ndi nkhani ina.

Mphunzitsi_Wopuma_Highfield:
Agogo, mukhoza kupeza zonse ziwiri. Mafunso afunsidwe m'Chichewa, mayankho alandiridwe m'zilankhulo zitatu, ndipo mu envulopu iliyonse mukhale funso la mwambi, loti amalize okha. "Mutu umodzi...", iwo n'kuti "susenza denga". Limenelo ndi lachangu ndipo palibe angaliyankhe m'Chishona. Achinyamata adzayamba kulimbirana agogo kuti alowe m'timu mwawo. Koma timu iliyonse ikhale ndi munthu womva Chichewa bwino, chifukwa mukamamasulira funso kawiri wotchi siidikira.

Ndatchula envulopu, ndifotokoze. Poti mafunso ndi osakaniza, madandaulo amene mudzamve kwambiri ndi akuti "ife mwatipatsa ovuta". Konzani mapepala 6 okhala ndi ndondomeko yofanana: funso loyamba la mpira pa mapepala onse, lachiwiri la mbiri, lachitatu masamu a pamtima, lachinayi malo, lachisanu mwambi, kenaka muyambirenso. Muwaike m'maenvulopu ndipo makaputeni asankhe okha anthu akuona. Kutalika kwa mafunso kufananenso. Pepala lina likakhala ndi mafunso a mizere iwiri, timu imeneyo yaluza isanayambe. "Kodi mzinda uno wa Harare, umene kale unkatchedwa Salisbury, unasinthidwa dzina m'chaka chiti?" ndi lalitali. "Salisbury inasanduka Harare chaka chanji?" ndi lomwelo, yankho 1982, nthawi yake theka.

Che_Yusufu_Mbare:
Salamu kwa nonse. Mayi NaPhiri, m'mabungwe a maliro ambiri muli ife Asilamu. Ndikupempha kuti ngati muika mafunso a Baibulo muganizirepo. Pa ndime yolemba palibe vuto, timu imathandizana. Koma pa ndime yothamanga, funso limodzi mwa asanu alionse likakhala la mafumu a Isiraeli, ife tizingoti patsogolo, patsogolo.

NaPhiri_Mufakose:
Che Yusufu mwachita bwino kunena. Ndinali nditalemba kale angapo. Ndiwachotsa m'ndime imeneyi, m'malo mwake ndiika a zakudya ndi a msika.

Kamuzu_Stadium_Boy:
La mpira ndikupatseni laulere: Flames inakwapula Warriors 2-1 pa mpikisano wa matimu a mu Africa chaka chanji? Muliike mu envulopu ya bambo a Tino.

Baba_Tino_Dzivarasekwa:
Tinayamba kugoletsa ndife, musaiwale. Goloboyi ndi otchinga kumbuyo anangogona.

Kamuzu_Stadium_Boy:
Kuyamba si kumaliza. Gaba kawiri! Tsiku limenelo ndinayenda mu Mbare monse nditavala jezi yofiira, palibe anandilankhula.

Baba_Tino_Dzivarasekwa:
Nanga munapita nayo kuti? Morocco inakubwezani.

Kamuzu_Stadium_Boy:
Inatibweza titatuluka m'gulu, titagoletsanso chigoli chimene dziko lonse linaonera. Inu munakwera ndege masewero a m'magulu atangotha.

Jaji_Wopanda_Khoti:
Abale, mayi akufuna malamulo a kwizi.

Mphunzitsi_Wopuma_Highfield:
Asiyeni, atipatsa chitsanzo chabwino cha funso loipa. Mpikisano umenewo dzina lake ndi wa 2021, koma unaseweredwa ku Cameroon mu Januwale 2022. Wina adzati 2021, wina 2022, ndipo onse adzakhala ndi mfundo. Pa ndime yolemba mukhoza kukambirana, koma pa mineti imodzi mulibe mpata. Litembenuzeni: "Ndani anagoletsa zigoli ziwiri za Flames pogonjetsa Warriors ku Cameroon?" Yankho ndi munthu mmodzi, Gabadinho Mhango. Pambali pa yankho papepala lanu lembani zonse zimene mudzalandire: Mhango, Gabadinho, Gaba.

Maina ali ndi msampha winanso kwa ife Amalawi. Mukafunsa mtsogoleri amene analowa m'malo mwa Bingu mu 2012, wina n'kungoti "Banda", mutani? Pali Kamuzu, pali Joyce. A Mutharika nawonso alipo awiri. Njira yake, mufunse mawu amodzi, "uti?", wotchi ikuyendabe, ndipo akatchula dzina loyamba molondola apatseni. Izi siziyenera kulowa m'mawu anu otsegulira, zingatalikitse. Muuzane ndi woweruza wanu musanayambe kuti nonse muchite chimodzimodzi kwa matimu onse.

Mawu enieniwo ine ndingalembe motere. Ndawerenga mokweza modekha ndipo akupitirira pang'ono mineti imodzi:

"Amayi ndi abambo, tafika pa ndime yomaliza, ndime ya liwiro. Tcherani khutu, malamulo ndinena kamodzi. Timu iliyonse ibwera kuno payokha, isankha envulopu, ndipo ikhala ndi masekondi 60. Mafunso ndi osakaniza: mpira, mbiri, masamu, malo, miyambi ndi zakudya. Mukhoza kunong'onezana, koma woyankha ndi kaputeni yekha, ndipo yankho loyamba kutuluka pakamwa pake ndi lomwelo. Mukakhoza, pointi imodzi. Mukalakwa, simuchotseredwa kanthu. Ngati simukudziwa nenani kuti 'patsogolo', funsolo lapita ndipo silibweranso. Wotchi iyamba ndikangomaliza funso loyamba. Wezulo akalira ndili pakati pa funso, ndilimaliza ndipo muyankhe pompo. Yankhani m'Chichewa, m'Chishona kapena m'Chingerezi. Mafoni onse m'thumba. Owonera, mayankho musunge mumtima. Wodandaula adikire wezulo, kenaka apite kwa woweruza wathu ali apoyo, ndipo mawu ake ndi omaliza. Tiyeseko limodzi losawerengera: likulu la Malawi ndi mzinda uti?"

Funso loyeseralo musalisiye. Holo yonse ikuwa kuti Lilongwe, wachikulire wina kumbuyo ati Zomba, anthu aseka, inu n'kunena kuti "kukuwa kumeneku ndi komaliza". Pomwepo mumaonanso ngati akumbuyo akukumvani bwino.

Chisomo_wa_Epworth:
Aphunzitsi, zoti kaputeni yekha ndi amene ayankhe sindikugwirizana nazo. Mwana wadziwa yankho, anong'oneze amalume, amalume asamve, abwerezenso, masekondi akupita. Bwanji aliyense mwa anayiwo ayankhe, loyamba kumveka ndi lomwelo?

Mphunzitsi_Wopuma_Highfield:
Zimathamangadi kuposa, sindikukana. Vuto limabwera awiri akayankha nthawi imodzi, wina "Shire" wina "Zambezi". Wofunsa asankhe liti? Akatenga lolondola matimu ena ati wakondera, akatenga lolakwa eni ake ati loyamba linali linalo. Ndi maikolofoni imodzi m'manja mwa kaputeni mkangano umenewu kulibe. Chimene mungachite ndi kulola timu isankhe woyankha wa ndime imeneyi yokha, wa khutu lakuthwa ndi pakamwa popepuka, ngakhale akhale wamng'ono pa onse.

Chisomo_wa_Epworth:
Amalume anga kupereka maikolofoni kwa mwana wa fomu 2? Tidzaona.

AuntieRose_Mabvuku:
"Mayankho musunge mumtima" ndi mawu okoma, koma anthu athu mumawadziwa. Wina adzakuwa basi. Ndiye chichitike n'chiyani? Pamenepo mawu anu sakunena kanthu, aphunzitsi.

Jaji_Wopanda_Khoti:
Funso life. Nkhani yatha.

AuntieRose_Mabvuku:
Likafa, ochemerera timu ina azikuwa dala mayankho kuti aphe mafunso osavuta a anzawo. Mukati timu ipatsidwe pointi, abale awo ndi amene azikuwa. Kulikonse kuli dzenje.

Mphunzitsi_Wopuma_Highfield:
Mayi Rose mwagwira pamene ndinazemba dala. Njira yopanda chilema ine sindinaipeze. Imene ndinkagwiritsa ntchito ndi iyi: woweruza akweza dzanja, wotchi iima, funsolo lichotsedwa, nditenga lina pa mafunso 10 apadera aja, wotchi ipitirira pamene inaimira. Timu siipindula ndipo siitaya nthawi. Kuipa kwake, liwiro limaduka, ndipo timu imene inali italowa m'moto imazizira. Kusukulu wokuwayo tinkamutulutsa panja, koma munthu wamkulu amene walipira pakhomo simungamutulutse.

Che_Yusufu_Mbare:
Mulipitseni. Madzulowo ndi osonkhetsa ndalama, eti? Wokuwa yankho aponye dola imodzi m'mbale ya bungwe. Mbaleyo ikhale patebulo pomwe aliyense akuiona.

Baba_Tino_Dzivarasekwa:
Ine ndibwera ndi madola asanu okonzeratu.

AuntieRose_Mabvuku:
Mwaona? Kwa anthu ngati bambo a Tino dola si chilango, ndi tikiti.

NaPhiri_Mufakose:
Ndaseka mpaka ana andifunsa. Nditenga zonse ziwiri: wotchi iima, funso lisinthidwa, wokuwa alipira dola. M'mawu ndingowonjezera chiganizo chimodzi, "Wokuwa yankho alipira dola m'mbale iyi ndipo funsolo tisintha." Zikapitirira, a tcheyamani adzaona chochita.

Funso lina. Matimu awiri akafanana mapointi pamapeto? Ndinene kale m'malamulo?

Mphunzitsi_Wopuma_Highfield:
Musanene m'mawu otsegulira, zidzangolemetsa. Koma funso lake likhale lokonzeka mu envulopu yomata, ndipo woweruza adziwe. Likhale la nambala, timu iliyonse ilembe papepala, woyandikira kwambiri wapambana. Mwachitsanzo, nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi yotalika mamita angati? Yankho ndi 3,002. Wina akalemba 2,800 wina 3,500, woyambayo waphonya ndi 202, wachiwiri ndi 498, nkhani yatha popanda kubwereza ndime yonse. Lamulo lake mulinene musanawerenge funsolo, makamaka loti kupitirira kapena kuperewera zonse n'chimodzimodzi.

Kamuzu_Stadium_Boy:
Aphunzitsi mwaulula yankho pa gulu. Theka la matimuwo lili pompano.

Gogo_Chewa_Original:
Ndi mwambi uja womwe. Ine ndalemba kale zonse m'kope.

NaPhiri_Mufakose:
Mafunso onse atchulidwa pano sadzapezekamo, agogo, musavutike. Mawa madzulo ndiyeserera kunyumba ndi ana, wina agwire wotchi, ndione ngati ndikufika mafunso 10 pa mineti osaluma lilime. Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano ndi magetsi. Akazima tili pakati pa mineti ya timu, maikolofoni n'kufa, tiyambirenso kapena tipitirize?

Mphunzitsi_Wopuma_Highfield:
Wosunga nthawi aimitse wotchi nthawi yomweyo ndipo anene mokweza masekondi amene atsala. Mapointi opezeka kale akhale, funso limene linadukalo mulisinthe, mupitirize ndi tochi ndi mawu apakamwa, timu itayandikira pafupi nanu. Kuyambiranso ayi, chifukwa timu imene inayamba moipa ipeza mwayi wachiwiri umene anzawo sanaupeze.

Chisomo_wa_Epworth:
Ndili ndi sipika ya batire yokhala ndi maikolofoni yake, imatha madzulo onse ikatchajidwa. Ndikhoza kukusiyirani Lachisanu ndikamaweruka, mundiuze polowera kwanu pa uthenga wapadera. Wezulo ndilibe.

Baba_Tino_Dzivarasekwa:
Wezulo ndibweretsa ine, wa timu ya ana ya kwathu. Koma envulopu ndisankha ndekha, asandigwirire a Kamuzu_Stadium_Boy.